Doko limene munatsegula pamanja lidzatsekedwa mawa

Anzanga oyang'anira maseva pa AWS, lekani zodinadina.

Tinene kuti malamulo a magulu anu achitetezo, madoko olowera ndi onse, analembedwa mkati mwa `aws_security_group` m'mafayilo a Terraform. Usiku wina zinthu zavuta, mnzanu walowa pa tsamba la AWS, watsegula doko 22 kwa aliyense, wakonza vutolo n'kukagona. Sanalembe paliponse. Tsopano zimene zili mumtambo zasiyana ndi zimene zili m'mafayilo.

Mukadziwa bwanji? Lembani izi:

```
terraform plan -detailed-exitcode
```

Terraform imayamba yafunsa AWS mmene zinthu zilili panopa, kenako n'kuyerekeza ndi zomwe munalemba. Ikabweza 0 palibe chosintha, 1 ndiye kuti pena palakwika, koma 2 ikutanthauza kuti pali kusiyana. Pamenepa muona chizindikiro `~` pa gululo, ndi lamulo la doko 22 likudikira kuchotsedwa. Wina akangoyendetsa `terraform apply`, dokolo latsekeka, mnzanu uja n'kumadabwa kuti wamutsekera panja ndani. Ngati lamulolo likufunikadi, lilembeni m'fayilo, anzanu aliunike mu Git lisanalowe. Ndikhulupirira kuti kutsegulira dziko lonse doko 22 palibe angakuvomereni.

Koma chenjerani: Terraform imaona zokhazo zimene zili mu `terraform.tfstate`. Seva imene wina anapanga yekha podina siioneka mu `plan` ngakhale pang'ono, imangodya ndalama mobisika mwezi ndi mwezi mpaka mutailembera bulokhu yake ndi kuilowetsa ndi `terraform import`.