Mazira 6 m'poto mmodzi: ofewa, apakatikati ndi olimba

Dzira silisiya kupsa pomwe mwalivuula m'poto. Chigoba chimasunga kutentha, ndipo kutenthako kumapitirizabe kulowa m'kati mpaka pakati penipeni. N'chifukwa chake ine ndikafuna kuwiritsa mazira, ndimayamba ndakonza beseni la madzi ozizira ndisanateleke n'komwe poto pamoto. Nthawi yovuula ikakwana sipakhalanso mpata wothamangira ku mpopi.

Tiyerekeze kuti ndili ndi mazira 6 a nkhuku zachizungu, aja timagula pa thireyi, ndipo pakhomo anthu akufuna zosiyana. Awiri akhale ofewa, oti chachikasu chake chizichucha pa buledi. Awiri akhale apakatikati, chachikasu chogwirana koma chonyowa pakati. Awiri otsalawo akhale olimba, oti mwana atenge kusukulu. Onsewa ndimaphika m'poto mmodzi.

Ndimasankha poto woti mazira onse agone pansi popanda kusanjikizana, koma osati wamkulu moti azikagubuduka n'kumagundana. Madzi ndimathira oti amize mazira n'kupitirira ngati zala ziwiri pamwamba pake. Ena amayika mazira m'madzi ozizira n'kuteleka zonse pamodzi, ndipo kwa amene akungofuna dzira lolimba njira imeneyi si yoipa. Vuto lake ndi lakuti simudziwa poyambira kuwerenga nthawi. Pambaula ya makala oyaka bwino madzi amawira msanga, pamoto wofooka amachedwa, ndipo nthawi yonseyo dzira likupsa. Madzi owira kale alibe vuto limeneli, kutentha kwake n'kumodzimodzi kaya pansi pali makala, gasi kapena magetsi. Choncho ndimadikira madzi abwate kaye. Phindu lina ndi lakuti dzira lolowa m'madzi otentha silivuta kusenda, chifukwa choyera chake chimagwirana mwamsanga chisanamatirire ku kachikopa ka m'kati mwa chigoba.

Podikira madzi ndimayang'ana mazirawo limodzilimodzi. La mng'alu ndimalipatula kuti likakazingidwe, chifukwa m'madzi owira limatulutsa choyera chake n'kumayandama ngati nsanza. Ngati ndikukayikira kuti akhalitsa, ndimawamiza m'mbale ya madzi: lomwe lagona pansi ndi latsopano, loimirira ndi lokhalitsako koma lodyeka, loyandama pamwamba ndimataya.

Madzi akabwata ndimachepetsa moto pang'ono. Pambaula ndimangophula makala ena kapena kutsekako kachitseko ka mpweya. Ndikufuna madzi owira modekha, thovu likukwera mosalekeza koma osati mochita kudumphitsa mazira. Moto waukulu suwonjezera kutentha kwa madzi owira kale, umangoswetsa mazira basi. Kenaka ndimatsitsa dzira lililonse ndi supuni yaikulu mpaka lifike pansi, osaliponya. Lomaliza likangolowa ndimatchera nthawi pa foni. Madzi amayamba aleka kuwira kwa kanthawi chifukwa mazira awaziziritsa, ndiye ndimawonjezera moto mpaka ayambirenso, koma nthawi ndimawerengabe kuchokera pomwe mazira analowa.

Chimene chikuchitika m'chigobamo ndi ichi. Choyera cha dzira chimayamba kugwirana kutentha kukafika madigiri pafupifupi 62 mpaka 65, pomwe chachikasu chimayamba kukhuthala pa madigiri 65 n'kulimba cha m'ma 70. Kutentha kumalowera kunja kupita m'kati, ndiye choyera, chomwe chili kunja, chimapsa chachikasu chisanatenthe kwenikweni. Kusiyana konse kwa dzira lofewa ndi lolimba kwagona pa mphindi zochepa zomwe kutentha kumatenga kuti kufike pakati.

Pa mphindi 6 ndimavuula awiri oyamba n'kuwaponya m'beseni la madzi ozizira lija. Awa choyera chawo chagwirana, chachikasu chikadali chamadzimadzi komanso chofunda. M'madzi ozizira amangokhalamo mphindi imodzi, yongokwana kuimitsa kupsako ndi kuti agwirike m'manja, chifukwa dzira lofewa limakoma likadali lotentha. Sindilimbana n'kulisenda lonse. Ndimaligogoda kumutu ndi supuni yaing'ono, kuchotsa kachipewa, kuwaza mchere n'kumadya momwemo. Koma mazira ofewawa sindipatsa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba kapena wodwala. Chachikasu chosapsa chikhoza kukhala ndi tizilombo ta salimonela, toyambitsa kutsekula m'mimba, ndipo anthu amenewa ndi omwe tizilomboti timawapweteka kwambiri.

Pa mphindi 8 ndimavuula awiri ena. Awa ndiye ine ndimawakonda. Mukalidula pakati, m'mphepete mwa chachikasu mwauma pang'ono, pakati pali ponyowa, powala, ponata koma posachucha. Ndi dzira lovuta kuliphula bwino kuposa ena onse, chifukwa mphindi imodzi yokha imalisintha: pa 7 pakati pakuchuchabe, pa 9 latsala pang'ono kulimba. Ndipo ndi pa dzira limeneli pomwe madzi ozizira amaonetsa ntchito yake. Mukalivuula pa mphindi 8 n'kungolisiya m'mbale, pomadzalidula mudzapeza lalimba ngati la mphindi 10. Ndimalisiya m'beseni kwa mphindi zosachepera 5.

Awiri otsiriza amatuluka pa mphindi 11. Chachikasu chalimba mpaka pakati, mtundu wake ndi wachikasu chowala, ndipo chimafumbutuka bwino mukachitswanya ndi foloko. Kufikitsa 12 palibe cholakwa ngati mazira ndi akuluakulu. Kupyola 14 kapena 15 mwayamba kuitana mzere wotuwa wozungulira chachikasu, choyera n'kumatafunika ngati labala.

Nthawi zimenezi ndi za mazira akuluakulu omwe sanali mufiriji. Ochokera mufiriji ndimawonjezera pafupifupi mphindi imodzi, komanso ndimawatsitsa mosamala kwambiri chifukwa ndi amene amakonda kung'aluka. A nkhuku zachikuda ndi ang'onoang'ono, ndiye ndimachotsako mphindi imodzi. Kukwera kwa malo nakonso kumalowererapo. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika ofanana ndi pagombe la nyanja yamchere, ndipo ku Nsanje kapena ku Chikwawa kusiyana kwake n'kochepa. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe n'kokwera mamita pafupifupi 1,000, madzi amawira cha pa madigiri 97, ndipo ku Dedza, komwe n'kokwera kuposa apo, cha pa 95. Dzira limapsabe, kungoti limachedwerako. Amene ali kumapiri awonjezere theka la mphindi kapena mphindi yathunthu, ayese ndi dzira limodzi, aone.

Tsopano za mzere wotuwa, womwe nthawi zina umaoneka wobiriwirako, wozungulira chachikasu. Anthu ena amati dzira lotero ndi lovunda kapena nkhuku inali yodwala. Si choncho. M'choyera cha dzira muli safa, ndipo chikatenthedwa nthawi yaitali safayo amatuluka ngati mpweya, womwe ndi fungo lija limamveka mukasenda dzira lopsetsa. M'chachikasu muli ayironi. Mpweyawo ukafika pomwe choyera chakhudzana ndi chachikasu umakumana ndi ayironiyo, ndipo ziwirizi zikaphatikizana zimapanga mtundu wotuwawo. N'chifukwa chake mzerewo umakhala pamalire pokhapokha, pakati pa chachikasu n'kukhalabe bwinobwino. Dzira lotero ndi lodyeka, silidwalitsa, koma limauma kukhosi ndipo fungo lake silikoma. Mazira ambiri ogulitsa m'madepoti, aja timadyera mchere ndi tsabola, amakhala nawo mzerewu. Sindiwanena ogulitsa, iwo amawiritsa ambiri nthawi imodzi ndipo amafuna kutsimikiza kuti apsa onse.

Zobweretsa mzerewu ndi ziwiri: kuwiritsa nthawi yaitali, ndi kuzizira pang'onopang'ono. Chachiwirichi ndi chomwe ambiri sachilabadira. Munthu amawerenga mphindi zake molondola, n'kuphula poto, koma mazira n'kuwasiya m'madzi otentha omwewo akukapanga tiyi. Madziwo amakhalabe otentha kokwanira kupitiriza kuphika kwa nthawi yaitali ndithu. Mazira okhalitsa nawonso amachita mzerewu msanga kuposa atsopano, choncho ngati thireyi yatha milungu ingapo, ndimavuula pa mphindi 10 kapena 11 osapitirira.

Kuziziritsa kwenikweni kumafuna madzi ambiri. Kambale kakang'ono sikathandiza: mukaikamo mazira 6 otentha, pakangopita mphindi ziwiri madziwo afunda, ndipo mazira angokhala m'madzi ofunda. Ine ndimagwiritsa ntchito beseni lotsukira mbale, madzi osachepera malita awiri kapena atatu. Ngati mufiriji muli madzi oundana ndimaponyamo, ndipo palibe choposa pamenepo. Ngati mulibe, kapena magetsi azima, madzi a mumtsuko amachita bwino kuposa a pampopi, makamaka mwezi wa Okutobala pomwe mpopi umatulutsa madzi ofunda masana. Ndimapisamo dzanja pakapita mphindi ziwiri. Ndikamva kuti afunda ndimakhuthula n'kuthira ena, ndipo kawirikawiri kusintha kawiri kumakwana. Mazira olimba amakhalamo mphindi 10 mpaka 15. Poyesa, ndimalifumbata dzira m'manja kwa kanthawi. Kunja likhoza kumveka lozizira, koma ngati m'kati mukadali moto, mumamva kufunda kukubwerera ku chigoba, ndiye ndimalibwezeramo.

Mazira onse akakumana m'beseni limodzi amafanana, simungadziwe la mphindi 8 ndi la 11. Ndimalemba manambala pa chigoba ndi pensulo ndisanawaphike, sifufutika m'madzi owira.

Posenda ndimaligogoda kumbali yonenepa, komwe kuli kampata ka mpweya, kenaka ndimaligubuduza pathebulo ndi chikhatho mopepuka kuti chigoba ching'ambikeng'ambike ponseponse. Chinsinsi ndi kulowetsa chala pansi pa kachikopa kopyapyala kaja. Mukakagwira, chigoba chimachoka m'zidutswa zikuluzikulu, makamaka mukamasendera m'madzi. Dzira loikiridwa dzulo kapena lero limakanirira ngakhale mutachita zonse molondola, limachoka ndi minofu yake. Owiritsa olimba ndi bwino akhale oti atha sabata imodzi kapena kuposerapo, atsopanowo asungireni kukazinga kapena kudya ofewa ndi supuni. La mphindi 8 ndimalisenda mofatsa chifukwa m'kati ndi lofewa, mukalifinya limaphulika.

Olimba omwe sadyedwa pompo ndimawasiya ndi zigoba zawo, kuwapukuta n'kuwaika mufiriji, momwe amatha kukhala mpaka sabata imodzi. Kunja kwa firiji dzira lowiritsa limawonongeka msanga kuposa laliwisi, chifukwa kuwiritsa kumachotsa kaphula kachilengedwe komwe kamatseka timabowo ta chigoba. Choncho la mwana wa sukulu ndimawiritsa m'mawa womwewo, osalisenda, ndipo ndimamuuza kuti adye pa buleki yoyamba osati podzaweruka.