Usiku umene makina anga anasoka okha

Nditamaliza kuphunzira utelala, amalume anga, amene akhala akusoka pakhonde la sitolo ku Chiputula mumzinda wa Mzuzu kuyambira ine ndisanabadwe, anandiuza kuti ndigule makina opalasa ndi mapazi, akuda aja a Butterfly kapena Singer. Ndinaseka. Ine mnyamata wa satifiketi ndizikapalasa makina ngati wakabaza akukwera chitunda? Ndinakagula amagetsi, oyera, a pulasitiki, opepuka moti umangowanyamula dzanja limodzi ngati sutikesi. Amasoka zigizagi, amasoka mabowo a mabatani, ali ndi kababu kowunikira singano. Amalume anawazungulira kawiri n'kufunsa funso limodzi lokha:

"Mphwanga, nanga lamba adutsa pati?"

Ndinati, "Amalume, izi ndi zamakono, sizifuna lamba."

Iwo anangoti "Ehe," n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Chinali chaka cha 2022, chija namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, magetsi n'kuyamba kubwera ngati mlendo wopanda ulemu: kufika usiku anthu atagona, kuchoka m'mawa osatsanzika. Mu Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kutafika poluma zala, ndinalandira ntchito yanga yoyamba yaikulu. Amayi 12 a komiti ya ukwati anabweretsa zitenje zofanana kuchipinda changa cha lendi ku Chibavi, aliyense siketi ndi bulauzi, ukwati Loweruka. Ndinalandira dipoziti, ndipo pofika madzulo theka linali litasanduka mayunitsi, nyama ndi nsapato.

Lachitatu ndinadula nsalu zonse. Lachinayi magetsi anathima 6 koloko m'mawa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti makina ali ndi gudumu la pambali, ndizungulitsa ndi dzanja. Apa m'pamene ndinaphunzira masamu amene kusukulu sanatiphunzitse. Gudumu likazungulira kamodzi, singano ibaya kamodzi. Msoko wabwino umakhala ndi masitichi ngati 4 pa sentimita, ndiye mita imodzi ndi maulendo 400. Siketi imodzi, kuphatikiza m'mbali monse muwiri, kupinda m'munsi ndi m'chiuno, inali ndi misoko yopitirira mamita 4. Kuzungulitsa ka 1,600, siketi imodzi, bulauzi osaikhudza n'komwe. Komanso kagudumu ka makina amenewa n'kosalala, kopanda chogwirira, kanapangidwira kukweza singano basi. Pofika masana ndinali nditatha siketi imodzi, chala chachikulu chili ndi thuza, dzanja likunjenjemera ngati ndaba.

Magetsi anabwera 9 koloko usiku. Ndinasoka ngati wamisala mpaka anathimanso cha m'ma 11, ndili pakati pa msoko wa bulauzi ya mayi a mkwatibwi enieniwo. Ndinaisiya pomwepo, singano ili m'nsalu, phazi lopanira nsalu lili pansi, ine n'kumati ndidzapitiriza mawa. Mu mdimamo ndinachotsa simbi ya makala patebulo, yozima kale, n'kuiika pansi kuti isadetse chitenje. Sindinaone kuti ndaikhazika pa pedulo. Switchi ya pakhoma ndinaiiwala. Ndinakhoma chitseko n'kupita kukagona kwa mnzanga amene ali ndi bulangete ziwiri.

Cha m'ma 3 koloko foni inalira. Anali alandilodi, mawu akunjenjemera.

"Atelala, muli m'nyumbamo?"

"Ayi bambo, ndili kuno kwa anzanga."

"Nanga akusoka m'nyumba mwanumu ndani?"

Ndinathamanga ndi nsapato imodzi. Ndinapeza anthu a pamdadada wonse ali panja atafunda zitenje, mayi alandilodi ali patsogolo ndi Baibulo, akudzudzula mzimu wosoka kuti ubwerere kumene wachokera. Mnyamata wina anali atanena kale kuti ankandikayikira, telala wanji wogula nsapato asanasoke kanthu. Nditatsegula, phokoso linali litasanduka kung'ung'udza, m'chipinda muli fungo la mawaya opsa. Magetsi atabweranso usikuwo, makina anali atakoka bulauzi ija okha popanda woiwongola, n'kudutsa nayo mokhotakhota, kulumikiza mkono ndi pachifuwa, kutseka khosi, kenako singano inathyoka, ulusi n'kupanga chisa cha mpheta pansi pa nsalu. Mota inakanirira pamenepo mpaka inapsa.

M'mawa ndinanyamula mtolo wa zitenje pakabaza kupita ku Chiputula. Amalume anamvetsera nkhani yonse osaseka, chimene chinandipweteka kuposa kuseka. Anandilozera makina awo achiwiri, amene anali pakona atafunditsidwa thumba.

Ndinaganiza kuti kupalasa ndi kupalasa basi. Nditangoponda, gudumu linazungulira chobwerera m'mbuyo, ulusi phwi! Ndinalowetsanso, kupondanso, chisa china pansi pa nsalu. Amalume anachotsa ulusi ndi singano, n'kundipatsa ntchito ya mwana wa sitandade 1: kupalasa makina opanda kanthu kwa theka la ola. Dzanja lamanja liyambitse gudumu kulikokera kwa iwe, mapazi alandire pomwepo, lina patsogolo pang'ono lina kumbuyo, zala ndi chidendene mosinthana. Ukafuna kuima, ugwire gudumu ndi chikhatho, chifukwa ukangosiya mapazi limakonda kubwerera. Anthu odutsa ankaona telala wamkulu ndevu pepeya akusoka mphepo.

Nditaigwira nyimbo yake, panabuka zina. Ndikafika pokhuthala, pamene misoko yakumana m'chiuno, mapazi ankayenda koma singano itaima. Amalume anati lamba wachikopa watamuka. Anamasula kawaya kolumikiza nsonga zake, kudula kachidutswa kosakwana sentimita, kuboola bowo lina ndi msomali n'kulumikizanso. Anandichenjeza kuti ndikadula kwambiri makina adzalemera ngati ndikukwera phiri la Kaning'ina. Kenako masitichi anayamba kudumpha, ndipo vuto linali langa: singano ndinaiika mbali yake yaphwatalala itayang'ana kumbuyo monga pa makina anga aja, pamene pa awa imayang'ana kudzanja lamanja, ulusi n'kulowa kuchokera kumanzere.

Tinasoka awiri tsiku lonse la Lachisanu, usiku n'kupitiriza ndi tochi ya foni yomangirira pamsomali. Zigizagi panalibe, poti makina akudawa amadziwa msoko wowongoka wokha, ndiye m'mphepete mwa nsalu tinkapinda kawiri kuti isamasuke. Bulauzi ya mayi a mkwatibwi ndinaisomola ndi lezala sitichi imodziimodzi, ndipo pamene panatsala timabowo ta singano amalume anasokererapo kansalu kopingasa pachifuwa.

Tili mkati mosoka anandionetsa kabowo ka bawuti pansi pa gudumu la makina awo. Pamenepo, anati, umamangirirapo kamota kakang'ono kogula padera, ka mawati ngati 100, kokhala ndi pedulo yake ndi kalamba ka labala. Magetsi akabwera uchotse lamba wachikopa uike wa labala, akathima ubwezere wachikopa. Mutu wa makina ndi womwewo. Anga aja mota ili m'mimba, gudumu lilibe ngalande yodutsa lamba, ndiye magetsi akapita amasanduka chokongoletsera patebulo.

"Paja ndinakufunsa kuti lamba adutsa pati," anatero, akuluma ulusi ndi mano.

Loweruka 7 koloko m'mawa amayi 12 aja anavala zovala zawo. Lolemba atatu mwa iwo anabwerera ali okwiya, akufuna kudziwa chifukwa chimene mayi a mkwatibwi okha ndinawasokera sitayilo ya kansalu pachifuwa. Ndinawauza kuti imeneyo ndi ya mtengo wapadera. Awiri analipira.

Makina a amalume ndikuwalipira pang'onopang'ono, ndipo kamota ndinagula. Koma mayi alandilodi mpaka lero akandipatsa nsalu amaima pakhomo osalowa, n'kunena kuti, "Atelala, musoke ndinu, masana, ine ndikuona."