Kuwerenganso buku la nkhani ya chiwembu utadziwa kale amene anapha

Buku la nkhani yofufuza za kupha likandidabwitsa pamapeto pake, ndimaliwerenganso. Ulendo wachiwiriwu cholinga changa chimakhala kupeza malo amene wolemba anaika choona poyera koma ine ndinachidutsa osachiona. Ndifotokoza m'mene ndimachitira pogwiritsa ntchito buku limodzi, The Murder of Roger Ackroyd, limene Agatha Christie anatulutsa mu 1926. Ngati simunaliwerenge, lekerani pomwe pano, chifukwa ndiulula zonse.

Wopha Roger Ackroyd ndi dokotala James Sheppard, munthu yemweyo amene akutisimbira nkhaniyi komanso amene akuyenda ndi wofufuza Hercule Poirot ngati womuthandiza.

Sindiyambira pa tsamba loyamba. Ndimabwerera ku mitu yomaliza, pamene Poirot akumasula zonse ndiponso pamene Sheppard akuvomera, ndipo ndimalemba pa pepala limodzi zimene zinachitikadi usikuwo, motsatira nthawi. Pepala langa la bukuli limakhala lotere: kalata inabwera kwa Ackroyd 8:40 usiku, Sheppard anatuluka m'chipinda 8:50, anafika pa geti 9:00, mawu a Ackroyd anamveka 9:30 koma anali ochokera m'makina ojambula mawu otchedwa dikitafoni, lamya inalira kunyumba kwa dokotala 10:15. Popanda pepala limeneli munthu umangowerenga ndi chikayiko cha chisawawa, kukayikira chiganizo chilichonse. Uli nalo umadziwa maminitsi enieni amene uyenera kuwayang'anitsitsa. M'bukuli ndi maminitsi 20 okha, kuyambira 8:40 mpaka 9:00.

Kenako ndimatenga pensulo n'kuyamba kuwerenga, ndipo m'mphepete mwa tsamba ndimalemba chilembo chimodzi mwa zitatu. K ndi kalozera weniweni, chinthu chimene chikuloza kwa wopha. N ndi nyambo, chimene wolemba anaika kuti ndithamangire munthu wolakwika. Chizindikiro cha funso ndimachiika pamene ndikungomva fungo koma sindinagwire kanthu. Zilembo zikaposa zitatu ndimataya nthawi kuganizira chilembo choyenera m'malo mowerenga.

Malo amene ndimachedwapo kwambiri ndi mutu wachinayi, wa chakudya chamadzulo kunyumba ya Ackroyd. Sheppard akutiuza nthawi imene kalata inalowa, kenako akutiuza nthawi imene anatuluka, n'kunena kuti kalatayo inali isanawerengedwebe. Akuti atagwira chitseko anacheuka, n'kudzifunsa ngati panali china chimene sanachite. Powerenga koyamba timamva ngati bwenzi lodandaula kuti lalephera kukakamiza mnzake kuwerenga dzina la munthu amene ankaopseza mayi Ferrars, mkazi wamasiye amene analemba kalatayo asanadziphe. Powerenga kachiwiri tikuona munthu amene wangobaya mnzake ndi mpeni ndipo akuyang'ana ngati wasiya chilichonse chomuulula. Palibe liwu labodza m'ndimeyo. Wolemba wangodumpha maminitsi 10 pakati pa ziganizo ziwiri, ndipo ife tinadzaza tokha mpatawo ndi macheza.

Apa ndi pamene ndimatenga muyeso wanga woyesera kalozera aliyense. Chiganizocho chikhale choona pa kuwerenga koyamba ndi kwachiwiri komwe, koma tanthauzo lake lisinthe. Chikakhala chofanana maulendo onse awiri, si kalozera, ndi kufotokoza chabe. Chikakhala choti mapeto akuchitsutsa, ndiye kuti wosimba nkhani wanama, ndipo imeneyo ndi nkhani ina: wolemba wabera owerenga. Mkangano wa zimenezi unali waukulu m'zaka zimenezo. S. S. Van Dine analemba malamulo 20 a nkhani zotere mu 1928, Ronald Knox analemba ake 10 mu 1929, ndipo onse awiri ankalimbikira kuti wowerenga apatsidwe zonse zimene wofufuza waona. Ine ndimaona kuti Christie sanabere munthu. Sheppard amanama kwa anthu a m'nkhaniyo, koma pa zimene akutilembera ifeyo amangokhala chete pamalo oyenera.

Ndikazindikira kuti wosimba nkhaniyu amabisa mwa kudumpha, ndimayamba kuwerengera nthawi paliponse. Akutuluka m'chipinda 8:50 ndipo wotchi ya tchalitchi ikulira 9:00 pamene akudutsa pa geti. Patsogolo pake timauzidwa kuti kuchoka panyumba kufika pa geti ndi ulendo wa maminitsi 5. Ndiye maminitsi 5 enawo anapita kuti? Anazungulira nyumba, anavala nsapato za Ralph Paton, mwana wopeza wa Ackroyd, anasiya mapazi pa zenera, analowa n'kukhoma chitseko cham'kati. Manambala awiriwa ali m'mitu yosiyana, ndipo imeneyi ndi njira yofala kwambiri yobisira: theka la mfundo apa, theka linalo patapita masamba ambiri. N'chifukwa chake kuseri kwa pepala langa lija ndimalembako nthawi, mtunda ndi ndalama zilizonse zimene zatchulidwa, pamodzi ndi nambala ya tsamba, ngakhale zikuoneka zopanda ntchito. Nambala ili yokha sinena kanthu, imayankhula ikakumana ndi inzake.

Za ndalama zilinso chimodzimodzi. Koyambirira, akucheza ndi Poirot kumpanda wa dimba, Sheppard akutchula kuti chaka chapitacho analandira chuma chamasiye n'kuchitaya pa malonda ongoyesa mwayi. Timamumvera chisoni n'kupitirira. Koma mwamuna wa mayi Ferrars anamwalira chaka chapitacho, ndipo kuyambira pamenepo mayiyo wakhala akulipira munthu wina kuti asaulule kuti anamupha ndi poizoni. Ndalamazo zinafika mapaundi pafupifupi 20,000. Dokotala amene ankaona wodwalayo anali Sheppard. Mawu akuti chaka chapitacho akuoneka kawiri, pakamwa pa anthu osiyana, ndipo ndimawalumikiza ndi mzere.

Mtundu wina wa kalozera umene ndimausaka ndi mfundo imene mboni yake ndi munthu mmodzi yekha. Lamya ya 10:15 anaiyankha ndi Sheppard, ndipo ndi iye amene anauza mlongo wake Caroline kuti Parker, wantchito wamkulu wa m'nyumba ya Ackroyd, akuti bwana wake waphedwa. Parker anakana kuti sanaimbe. Apolisi anapeza kuti lamyayo inachokera pa siteshoni ya sitima ya King's Abbot, ndipo tonse tinathamangira kufunsa kuti anaimba ndani. Funso loyenera linali lakuti: ndani winanso anamva zimene woimbayo ananena? Palibe. Tsopano pa mfundo iliyonse yaikulu ndimalemba m'mphepete dzina la amene wainena. Dzina la wopha likakhala lokhalokha pambali pa mfundo, ndimaika K.

Lamyayo inamupatsa chifukwa chobwerera ku nyumbayo atanyamula chikwama chake chaudokotala, ndi kukhala woyamba kulowa m'chipindamo. Atapeza mtembo, anatuma Parker kukaimbira apolisi, ndipo akutiuza m'chiganizo chimodzi chachifupi kuti iye anachita zochepa zimene zinafunika kuchitika. Dokotala ali pafupi ndi mtembo, ndani angafunse? Zochepazo zinali kuika dikitafoni m'chikwama ndi kubwezera kukhoma mpando waukulu umene unaibisa. Parker anali ataona kuti mpandowo wasunthidwa, ndipo Poirot amaubwerezabwereza pamene ena onse akuti ndi nkhani yachabe. Mneni wosatchula chochitidwa, monga "ndinachita", "ndinakonza", "ndinamaliza", ndimamutsekera mzere nthawi zonse akachokera kwa wopha. Chimodzimodzinso kanthu kakang'ono kamene wofufuza sakufuna kukasiya.

Za nyambo sindichedwapo. Flora, mwana wa mchimwene wake wa Ackroyd, ananama kuti anaona Ackroyd ali moyo 9:45 pofuna kubisa kuti anaba mapaundi 40. Ralph anakwatira mwachinsinsi Ursula, wantchito wa m'nyumbamo. Mlendo amene Sheppard anakumana naye pa geti anali mwana wa mayi woyang'anira nyumbayo. Nyambo imadziwika chifukwa ili ndi yankho lakelake limene silikhudza kupha. Chokhacho chimene ndimayang'ana ndi chimene nyamboyo inaphimba. Bodza la Flora, mwachitsanzo, linakankhira nthawi ya imfa kutsogolo, pa nthawi imene Sheppard anali kale kunyumba kwake ndi mlongo wake, ndipo iye sanachite kukonza zimenezo, anangopindula nazo.

Chimene chimalakwika kawirikawiri pa kuwerenga kwachiwiri ndi kuona kalozera paliponse. Ukadziwa wopha, ngakhale kutsokomola kwake kumaoneka ngati kuvomera mlandu. Ndikaona kuti tsamba lililonse lili ndi K, ndimadziwa kuti ndayamba kulemba buku langa m'malo mowerenga la wolemba. Mankhwala ake ndi funso ili: kodi ndimeyi ikanasintha zikanakhala kuti wopha ndi munthu wina? Sheppard amakwiya ndi miseche ya Caroline, koma mchimwene aliyense wa mlongo wotere akanakwiya, ndiye ndimasiya chizindikiro cha funso. Koma pamene akutionetsa kachipinda kake kokonzeramo zinthu, momwe muli wailesi yodzipangira yekha ndipo akukonza wotchi ya alamu, ndimeyo ili ndi ntchito imodzi: kutiuza kuti munthuyu angathe kulumikiza dikitafoni ku wotchi kuti iyambe kuyankhula yokha 9:30. Wopha akanakhala Parker, ndimeyo sikanafunika. Pamenepo ndimaika K mosakayika.

Cholakwika china ndi kudalira mndandanda wa wofufuza wokha. Poirot amatchula lamya, mpando ndi maminitsi 5 aja, chifukwa ndi umboni umene angauike pamaso pa wolakwa. Koma pali zina zimene sizili umboni, zimangokonzekeretsa mtima wa wowerenga. Pali pamene Poirot akufotokoza za munthu wamba amene ali ndi kufooka kobisika mumtima, amene atapeza chinsinsi cha wina amayamba kuchigulitsa, ndipo atapanikizika amapha. Omvera akuganiza za Ralph. Koma masamba ochepa m'mbuyo mwake, Caroline anali atangonena kuti mchimwene wake ndi munthu wofooka. Zoterezi zimapezeka ndi wowerenga yekha, ndipo kawirikawiri zimakhala m'macheza amene poyamba tinawadutsa mothamanga pofuna kufika pa umboni wotsatira.

Ndikafika kumapeto ndimabwerera ku zizindikiro za funso zija chimodzichimodzi, ndili ndi pepala la nthawi m'manja. Chimene ndingachilumikize ku mzere wina wa papepalapo chimasanduka K. Chimene sichikugwirizana ndi mzere uliwonse ndimachifufuta, ndipo zambiri zimathera pomwepo.