Ndinakweza mtengo wa katundu wa ku Mzuzu, tebulo osasintha

Amalume ali ndi lole yonyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku Joni kupita kumudzi, ndipo ine ndi amene ndimawasungira mabuku pa laputopu. Zonse zimakhala mu tebulo limodzi la pandas, chida cha Python chosanjira matebulo, lomwe ndinalitcha `katundu`: dzina la wotumiza, dera, kulemera kwake, ndi mtengo. Lachinayi lina madzulo, tili ku Rosettenville komwe timalandirira zikwama, anandiuza kuti dizilo wakwera, chikwama chilichonse chopita ku Mzuzu chichoke pa R400 chifike pa R450. Zikwamazo zinalipo 38. Ndinalemba mofulumira:

```python
katundu[katundu["dera"] == "Mzuzu"]["mtengo"] = 450
```

Panalibe chodandaula chilichonse pa sikirini. Ndinasunga fayilo, n'kusindikiza mapepala.

M'mawa mwake amalume anabwera ndi pepala m'manja, chala chili pa nambala yakumapeto. "Mphwanga, iwe wakwezadi mtengo uja? Ndalama zonse pamodzi zikanakwera ndi R1,900, koma apa zili momwe zinalili dzana." Iwo kompyuta saidziwa, koma masamu a ndalama zawo sungawanamize.

Choyamba ndinafunsa tebulolo kuti mizere ingati ili ndi mtengo watsopano:

```python
(katundu["mtengo"] == 450).sum()
```

Yankho linali 0. Ngakhale umodzi.

Vuto linali mu mzere wanga uja, womwe ukuoneka ngati lamulo limodzi pomwe ndi awiri. Mbali yoyamba, yosankha mizere ya ku Mzuzu, imapanga tebulo latsopano, kope la mizere 38 ija, chifukwa kusefa mizere ndi True ndi False kumabweretsa kope nthawi zonse. Mbali yachiwiri ndiye imalemba 450 mu kopelo. Popeza kopelo sindinalipatse dzina, Python imalitaya mzerewo ukangotha. Zili ngati kutenga fotokope ya tsamba la m'buku la ngongole, kukonza manambala pa fotokopeyo, kenako n'kuiponya m'bini, buku lenileni lili phee pa shelufu.

Chinandizunguza mutu n'chakuti pandas imene ndinali nayo imayenera kuchenjeza ndi `SettingWithCopyWarning` zikatere. Nditakwera pamwamba pa fayilo ndinapeza chifukwa chake, ndipo manyazi anandigwira:

```python
pd.options.mode.chained_assignment = None
```

Ndine ndemwe ndinaika mzerewu miyezi ingapo m'mbuyomo, nditatopa ndi mawu ofiira omwe ankatuluka pamalo pena pomwe sankandipweteka. Ndinatseka pakamwa mlonda, wakuba n'kulowa. Ndinachotsa `None` n'kuikapo `"raise"`, kuti ndikalakwitsanso chonchi pulogalamu iime basi, isapitirire ngati zonse zili bwino.

Kukonza kwake n'kwa mzere umodzi. Mizere ndi kolamu uzitchule pamodzi m'mabulaketi amodzi a `.loc`, kuti pandas ilembe mwachindunji mu tebulo lenileni:

```python
katundu.loc[katundu["dera"] == "Mzuzu", "mtengo"] = 450
```

Nditawerengetsanso panatuluka 38, ndalama zonse n'kukwera ndi R1,900 yeniyeni ija.

Sindinalekere pomwepo, chifukwa ndinadziwa kuti dzanja lomwe linalemba mzere uja linalembanso ina. Ndinasakasaka paliponse pomwe bulaketi yotseka yagundana ndi yotsegula, `][`, kumanzere kwa chizindikiro cha `=`. Ndinapezanso malo ena ovutirapo: ndinali nditapatula zikwama za ku Blantyre ndi `bt = katundu[katundu["dera"] == "Blantyre"]`, kenako mizere khumi kutsogolo n'kumasintha `bt`, mumtima ndikuganiza kuti `katundu` akusinthanso. Sankasintha. Apa umayenera kudzifunsa chomwe ukufuna. Ngati ukufuna tebulo lapadera loti uzilisintha momwe ungafunire, wonjezera `.copy()` kumapeto kuti aliyense wowerenga aone kuti ndi kope mwadala. Ngati ukufuna kusintha tebulo lalikulu, bwerera ku `.loc`.

Wina angaganize kuti pandas yatsopano ithetsa zonsezi. Mu pandas 2.0 ya 2023 munthu ankatha kuyatsa yekha njira yotchedwa Copy-on-Write, ndipo mu pandas 3.0 ndiyo ikugwira ntchito nthawi zonse. Ine ndimaikonda chifukwa yachotsa kulosera: chilichonse chomwe wapatula pa tebulo chimakhala ngati kope, basi. Koma tanthauzo lake n'lakuti mzere wanga woyamba uja sungagwire ntchito ngakhale pang'ono. Umangolandira chenjezo la `ChainedAssignmentError`, tebulo osasintha.

Anthu asanu ndi mmodzi anali atalipira kale R400 pa mapepala olakwika aja. Amalume anakana kuwaimbira foni kuti awonjezere. Anangoti R300 imeneyo aichotsa pa ndalama yanga ya mwezi uno, ndipo anaichotsadi.