Mmene ndinaliritsira mkwatibwi ku Nchalo

Komiti ya ukwati wa msuweni wanga Mphatso itagawana ntchito, ena anatenga za mpunga, ena za mbuzi, ine anandipatsa hashitagi, ati poti ndimakhalira kudinadina foni. Tiyamike, mkwatibwiyo, ankafuna kuti aliyense wojambula chithunzi alembe mawu amodzi pa Fesibuku, zithunzi zonse zikapezeke pamodzi, ndipo mawuwo akhalenso dzina lawo lachibwana awiriwo.

Ndinachita zomwe amachita a m'tauni, kudula mayina n'kulumikiza. Mphatso ndi Tiyamike, chinatuluka ndi #MphaTiya. Ine ndinkaona kukongola kwake. Nditaponya pagulu la Watsapu la komiti, mayi a mkwatibwi anaimba foni kuchokera ku Bangula.

"Achimwene, mwana wanga walakwa chiyani kuti mumuphe? Ngati ndi malowolo, ng'ombe zanu zikadali m'khola, bwerani mudzatenge."

Ankhoswe ndiwo anakazimitsa motowo.

Ndinathawira ku dzina la bambo, loti palibe angakwiye nalo: #BanjaLaAChing'oma. Apa vuto linali la makina. Hashitagi imathera pomwe pali mpata kapena chizindikiro ngati kankhodolero ka mu ng', ndiye mbali yodinika inali #BanjaLaAChing basi, 'oma' n'kutsala panja. Mphatso anandifunsa ngati ndamusandutsa Mtchaina. Ukachotsa kankhodoleroko dzina limasanduka Chingoma, ndipo malume ake anati iwo si a Chingoma.

Mwana wa mlongo wanga, wa Sitandade 6, anati, "Amalume, bwanji #TiyaNdiMphatso? Zikumveka pawiri, kuti Tiya ndi mwamuna wake, komanso kuti Tiyayo ndi mphatso." Ndinamuuza kuti akatunge madzi, izi n'za akuluakulu.

Yomwe ndinakhazikika nayo inali #TiyaWalola. Yaifupi, yopanda chizindikiro, yoseketsa pang'ono chifukwa Mphatso anafunsira mpaka njinga kutha matayala pamsewu wa Bangula. Ndinafufuza pa Fesibuku, panalibe wina woigwiritsa ntchito. Tinakasindikiza chinsalu ku Blantyre, chinatsika zitunda za Chikwawa pa minibasi, ine n'kukachilandira ngati katundu wa boma. Chomwe sindinachite ndi kutchula mawuwo pakamwa kwa azakhali awiri atatu, n'kuwapatsa foni kuti alembe okha. Kuno l ndi r timazisinthanitsa mmene tafunira, ndipo palibe amafunsa mnzake. Munthu mmodzi yemweyo alemba 'walola' m'mawa, madzulo 'walora'. Fesibuku ilibe nazo ntchito zilembo zazikulu kapena zazing'ono, koma ukasintha chilembo chimodzi, imeneyo ndi hashitagi ina.

Tsikulo linali la mu Okutobala, dzuwa la ku Chigwa likuwotcha ngati latumidwa. Chinsalu chija anyamata anachimanga pamwamba kuti chikhale mthunzi wa ophika, zolemba zikuyang'ana kumwamba. Zinatsala kwa mkulu woyendetsa mwambo, amene ankakuwa pa chimkuzamawu chosasa mawu pakati pa perekaniperekani: "Mukajambula lembani Tiya walola! Hashitagi Tiya walola!"

Anthu analemba zomwe makutu awo anamva. Ena #TiyaWalora, ena #TiyaWarola. Aphunzitsi ena opuma anaika mipata bwinobwino monga mwa galamala, moti yawo inathera pa #Tiya. Gulu lalikulu linaika zithunzi pa sitetasi ya Watsapu, komwe hashitagi siisonkhanitsa kanthu ndipo zonse zimafufutika pakatha maola 24.

Koma amene anandimaliza ndi mlamu wanga wa ku Ngabu, yemwe ali ndi anzake ambirimbiri pa Fesibuku. Iye ndi wa gulu la 'walora', ndipo pafoni o ndi i n'zoyandikana. Ndi chala cha thukuta ndi mafuta a nyama ya mbuzi, analemba #TiyaWalira, pansi pa chithunzi cha mkwatibwi akupukuta nkhope ndi kansalu chifukwa cha kutentha. Anthu anangokopera kwa iye. Pofika madzulo, achibale a ku Joni anali akufunsa kuti mwana akulira chiyani, kodi amukakamiza? Mayi a ku Bangula anandipeza kuseri kwa holo ndikumwa thobwa.

"Achimwene, poyamba mumafuna kumupha, lero mwamuliza pamaso pa dziko lonse. Kodi banja lathu linakulakwirani chiyani?"

Mawa lake ndinadina #TiyaWalola kuti ndione zokolola. Munali zithunzi zanga zokha, china ndili ndekha pafupi ndi mphika. Ngakhale ena amene analemba molondola sindinawaone, chifukwa zithunzi zawo anatsekera anzawo okha, ndipo hashitagi siitsegula chomwe mwini wake watseka.

Tiyamike anatolera zithunzi zake pochita kupempha mmodzimmodzi. Ataziika pa tsamba lake, pansi analemba #TiyaNdiMphatso, ndipo mwana uja anamugulira nsapato. Ine a kabaza a pa Nchalo akandiona amaliza belu n'kufunsa, "A Walira, tikusiyeni kuti lero?"