Mfiti yaima pa Beitbridge

Ndimagwira ntchito pakampani ina yaing'ono ku Mayfair mumzinda wa Johannesburg, yotumiza katundu kumudzi. Dalaivala wathu ndi msuweni wanga, ndiye za pachisuweni mukuzidziwa. Iye amanditchula Kapolo, ine ndimamutchula Mfiti poti amayenda usiku.

Lachiwiri lina analemba pagulu la antchito la WhatsApp kuti: "Mfiti yaima pa Beitbridge. Ndalama za dizilo ndadyera kanyenya. Mafiriji a anthuwa ndikagulitsa ku Tete." Tinaseka mpaka misozi. Kenaka abwana anati, "Achimwene, adziwitseni makasitomala kuti galimoto yachedwa." Ine dzanja lina lili m'chipisi, ndinangodina Forward.

Foni inayamba kulira ngati kwagwa maliro. Mayi wina wa ku Turffontein, amene anatumiza firiji ya apongozi ake, anati akubwera ndi apolisi. Abusa ena anafunsa mwaulemu ngati tinkadziwa polemba munthuyo ntchito kuti amatamba. Pomwe ndinkadina Delete for everyone n'kuti ena atajambula kale uthengawo.

Ndinayesa kukonza. Pa "Mfiti" ndinaikapo "dalaivala wathu wokondedwa", n'kuwonjezera tinkhope toseka titatu, koma za ku Tete ndinazisiya. Apa ndiye ndinathira mafuta pamoto, chifukwa tsopano zinkaoneka ngati tawabera ndipo tikuwaseka.

Mayi amene amasunga ndalama muofesi anandilanda foni. Anati, "Mwanawe, nthabwala saiveka jekete. Chotsa zonse, uone chatsala n'chiyani." Tinauwerenga mzere ndi mzere. Dzina la Mfiti limamveka kwa ife anthu asanu amene tikudziwa chiyambi chake, choncho linachoka. Za kanyenya zinali njira ya msuweni yopemphera ndalama zina za dizilo, nkhani ya iye ndi abwana. Za ku Tete zinkakhudza katundu amene munthu wamukhetsera thukuta miyezi itatu, ndipo mwini firiji saseka za firiji yake isanafike. Chinatsala ndi mfundo imodzi yokha, yakuti galimoto ili pa Beitbridge. Chimene kasitomala amafuna kwenikweni, tsiku lofika, munalibemo n'komwe.

Tinalemba chonchi: "Pepani chifukwa cha uthenga uja, inali nthabwala ya pachisuweni imene inasochera. Galimoto ili pamzere pa Beitbridge, katundu yense ali bwino. Idutsa pa Nyamapanda ndi pa Mwanza, ndipo tikuyembekeza kuti ifika ku Blantyre Loweruka. Wotumiza uthenga uja tamuletsa kudya chipisi ali pantchito." Nthabwala yomalizayo mayiwo anailola poti wosekedwa ndinali ine, ndipo aliyense akanaimva popanda wina womufotokozera.

Galimoto inafikadi Loweruka. Apongozi aja analandira firiji yawo, anaitsegula, anaiyang'ana kumbuyo komwe, koma msuweni wanga atatambasula dzanja kuti awapatse moni, iwo anapinda manja n'kumuyankhira chapatali.