Mmene ndinalembera mawu a kanema wa masekondi 45 oti awerengeke popanda kumva liwu

Ntchito imene ndinapatsidwa inali yokonza kanema wamfupi wa masekondi 45 wofotokoza kabzalidwe ka chimanga kamene alimi amati Sasakawa, ndiko kuti mbewu imodzi pa phando, mapando otalikirana masentimita 25 ndi mizere yotalikirana masentimita 75. Kanemayo anali woti aikidwe pa Facebook ndi kutumizidwa m'magulu a WhatsApp, ndipo ndinadziwiratu kuti anthu ambiri adzamuonera ali m'minibasi, pamzere wa ku chipatala kapena usiku ena atagona, pamene munthu sangakweze mawu a foni. Choncho uthenga wonse unayenera kunyamulidwa ndi mawu olembedwa pansi pa chithunzi.

Ulendo woyamba ndinayambira kolakwika. Ndinalemba mawu oti mlangizi ayankhule monga mmene ndikanalembera nkhani ya pawailesi, poganiza kuti tikajambula ndidzangokopera zimene wanena n'kuziika pansi pa chithunzi. Chiganizo china chinali chotere: "Chinthu choyamba chimene mlimi aliyense ayenera kuonetsetsa ndi chakuti mizere yake yatalikirana masentimita makumi asanu ndi awiri kudza asanu." M'khutu chiganizochi chimamveka bwino ndipo chili ndi ulemu wake. Koma nditawerenga zilembo zake pamodzi ndi mipata ya pakati pa mawu ndinapeza 144, ndipo nditadziyesa ndekha ndi wotchi ndinachiyankhula m'masekondi pafupifupi 7. Woonerayo akanayenera kumeza zilembo zoposa 20 pa sekondi iliyonse, uku diso lomwelo likufunikanso kuona chingwe ndi khasu zimene zili pachithunzi. Apa m'pamene ndinazindikira kuti mawu a pansi pa kanema sakonzeka pamapeto, koma amakonzeka polemba zoyankhula, kamera isanatulutsidwe n'komwe.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyamba ndi masamu. Malangizo a Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, a mawu achingelezi a pansi pa kanema amalola zilembo 42 pa mzere umodzi ndi mizere yosaposa iwiri nthawi imodzi, ndipo liwiro la kuwerenga amaliika pa zilembo 20 pa sekondi kwa akuluakulu ndi 17 kwa ana. A BBC amayeza ndi mawu, 160 mpaka 180 pa mphindi. Muyeso wa mawuwu ndinausiya pambali chifukwa m'Chichewa umanamiza. Liwu limodzi ngati "musanabzalenso" lanyamula zimene Chingelezi chinganene m'mawu anayi kapena asanu, kotero kuti chiganizo cha mawu ochepa chimatha kudzaza foni yonse m'lifupi. Ndinasankha kuwerenga zilembo, ndipo ndinadziikira malire a 15 pa sekondi, otsikirapo kuposa a Netflix, poganizira kuti galasi la foni ndi laling'ono, lina ndi losweka, ndiponso alimi ena amawerenga modekha, liwu ndi liwu. Pa masekondi 45 ndinachotsapo 5 oti chithunzi chizioneka chokha popanda cholembedwa, n'kutsala 40. Ndikachulukitsa 40 ndi 15 ndimapeza zilembo 600, ndipo ameneyo ndiye anali malire a zonse zimene mlangizi akananena. Zimene ndinalemba poyamba zinali zitapitirira 900.

Kudula kunayambira pa mawu olowetsera nkhani. "Chinthu choyamba chimene mlimi aliyense ayenera kuonetsetsa ndi chakuti" ndi mawu amene amathandiza woyankhula kukoka mpweya ndi womvera kutchera khutu, koma kwa wowerenga ndi zilembo pafupifupi 70 zosanena kanthu za chimanga. Chiganizo chija chinasanduka "Mizere italikirane masentimita 75," chimene chili ndi zilembo 34 ndipo chimawerengeka m'masekondi osakwana atatu. Nambala ndinailemba m'manambala, osati m'mawu, ngakhale kuti mlangizi poyankhula anali womasuka kuitchula mmene alimi anazolowera. Zina ziwiri zinatsatira njira yomweyo: "Mapando atalikirane masentimita 25" ndi "Phando lililonse mbewu imodzi." Ndinadzilamula kuti cholembedwa chilichonse chinyamule mfundo imodzi yokha, ndipo mfundoyo ithere pomwepo, chifukwa munthu amene watembenuka kulipira kondakitala n'kubwerera ku foni ayenera kupeza chiganizo chodziimira pachokha, osati mchira wa chiganizo chimene mutu wake wadutsa kale.

Ndikuvomereza kuti kudula kotereku kuli ndi mtengo wake. Ziganizo zazifupi zolamula zikhoza kumveka zaukali, ngati munthu akukalipira ana, pamene oonera ndi makolo athu. Sindinabwezeremo mawu onse aulemu, koma ndinaonetsetsa kuti paliponse ndikugwiritsa ntchito "mu-" ndi "-ni", ndipo m'malo awiri ndinalemba "tiyeni" kuti mlangizi amveke ali limodzi ndi alimi m'munda. Zimenezi zinangodya zilembo zochepa.

Vuto limene linanditengera nthawi yaitali silinali la kutalika kwa ziganizo, koma la zinthu zimene liwu limanena koma zilembo sizinena. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, ndipo kalembedwe kathu ka masiku onse sikaonetsa zimenezo. Kanema ankayamba ndi mlimi akunena kuti "Mtengo wavuta chaka chino," kutanthauza mtengo wa feteleza. Womva sangasokonezeke, pakuti mtengo wogulira zinthu ndi mtengo wa m'tchire zimatchulidwa mosiyana. Koma chithunzi chimene ndinafuna kuikapo chinali cha munda wokhala ndi mtengo waukulu wa mango pakati, ndipo wowerenga akanaganiza kuti nkhani ndi ya mthunzi umene ukupha chimanga. Ndinasintha n'kulemba "Feteleza wadula chaka chino," zilembo 28, ndipo kusamvana konse kunatha.

Chachiwiri chinali choopsa kwambiri chifukwa chikanatembenuza uthenga wonse. Mlimi yemweyo anayenera kunena kuti "Ndimabzala mbewu zitatu pa phando," pofotokoza zimene ankachita asanaphunzire njira yatsopano. Poyankhula, "ndimabzala" wa zakale ndi "ndimabzala" wa chizolowezi cha masiku onse amasiyana kamvekedwe, koma polemba ndi liwu limodzi. Woonera mwakachetechete akanawerenga kuti mlimi wachitsanzo amabzala mbewu zitatu mpaka lero, mwina n'kutseka kanemayo asanafike pamene tikunena za mbewu imodzi. Ndinalemba "Kale ndinkabzala mbewu zitatu," pamene "kale" ndi "-nka-" zikugwira ntchito imene liwu likanagwira. Kuchokera pamenepo ndinadutsa m'ziganizo zonse ndikuziwerenga ndi maso okha, pakamwa pali potseka, chifukwa ndikawerenga mokweza pakamwa pamaikamo kamvekedwe koyenera ndipo cholakwacho chimabisala. Mwa njira imeneyi ndinapezanso funso limene linkadziwika kuti ndi funso chifukwa cha liwu lokha, ndipo ndinaikapo "kodi" kumayambiriro kwake, popeza chizindikiro cha funso chimabwera kumapeto, wowerenga atachitenga kale chiganizocho ngati chonena.

Kenaka panabwera nkhani ya podulira mzere. Kanema wathu anali woimirira, monga mmene munthu amagwirira foni, ndipo zilembo 42 za Netflix sizikwana pamenepo ngati zilembozo zili zazikulu mokwanira kuti ziwerengeke. Nditayesa pa foni yanga ndinapeza kuti mzere umodzi umalandira zilembo pafupifupi 24, kotero pafupifupi chiganizo chilichonse chinayenera kukhala m'mizere iwiri. Pulogalamu yokonzera kanema ikasiyidwa yokha imadula paliponse pamene malo athera, ndipo inandidulira "feteleza wa" pamwamba n'kutsitsa "chimanga" pansi. Timawu ngati "wa", "za", "ndi", "pa" ndi "ku" timatsamira pa liwu lotsatira, ndipo tikatsala tokha kumapeto kwa mzere diso limapunthwa. Chimodzimodzinso nambala siyenera kulekana ndi muyeso wake: "masentimita" pamwamba ndi "75" pansi ndi kudula koipa. Choncho ndinadula ndekha mizere yonse, ndipo ndinailemba m'fayilo ya SRT, momwe cholembedwa chilichonse chimakhala ndi nambala yake, nthawi yoyambira ndi yothera, kenaka mawuwo:

```
3
00:00:08,000 --> 00:00:11,000
Mizere italikirane
masentimita 75.

4
00:00:11,200 --> 00:00:14,200
Mapando atalikirane
masentimita 25.
```

Kampata kakang'ono pakati pa cholembedwa chachitatu ndi chachinayi ndinakasiya dala. Ziganizo ziwirizi n'zofanana kwambiri maonekedwe, ndipo china chikalowa m'malo mwa chinzake popanda kuphethira kulikonse, woonera sazindikira kuti mawu asintha, n'kutsala ndi 75 m'mutu pa zonse ziwiri. Ndinapatsanso chilichonse masekondi atatu athunthu ngakhale kuti masamu amalola ocheperapo, chifukwa nambala imafuna kuti munthu aione kawiri. Ndinaonetsetsanso kuti cholembedwa chisapitirire pamene chithunzi chasintha, pakuti chithunzi chikasintha diso limayambiranso kuwerenga mawu omwewo poganiza kuti ndi atsopano. Popeza pa WhatsApp kanema amayenda yekha popanda fayilo ya mawu, pomaliza ndinawamatiriza mawuwo pachithunzi penipeni, oyera pa kabokosi kakuda, ndipo ndinawakwezako pang'ono kuti asaphimbidwe ndi mabatani ndi zolemba zimene Facebook imaika m'munsi mwa kanema woimirira.

Pojambula ndinapempha mlangizi kuti anene ziganizozo monga zalembedwera ndi kupumira pang'ono pakati pa chilichonse. Poyamba zinamuvuta, popeza anazolowera kufotokoza momasuka ndi kubwereza mfundo, ndipo mobwerezabwereza ankaloza pansi n'kunena kuti "apa muzichita chonchi." Mawu olozerawo ndinawalola pamalo amodzi okha, pamene dzanja lake likuoneka likuponya mbewu m'phando, chifukwa pamenepo chithunzi chimamaliza chiganizo. Kwina konse ndinamupempha kuti atchule chinthucho ndi dzina lake.

Mayeso omaliza ndinachitira azakhali anga, amene amalima koma sanaone zolemba zanga. Ndinatsitsa mawu a foni mpaka kutheratu, n'kuwapatsa kuti aonere kamodzi kokha, kenaka ndinawafunsa kuti, "Azakhali, mwamva kuti tizibzala bwanji?" Anatchula mbewu imodzi pa phando ndi masentimita 75 mosakayika, koma pa 25 anakakamira. Titaoneranso limodzi ndinaona chifukwa chake: cholembedwa chachinayi chinkabwera nthawi yomweyo imene mlangizi ankawerama ndi kamtengo koyezera, ndipo maso awo anatsatira dzanja n'kusiya mawu. Ndinachichedwetsa ndi sekondi imodzi kuti chizioneka kamtengo katagona kale pansi, n'kudula chiganizo chimodzi cha kumapeto kuti nthawi ikwane. Tsiku lotsatira ndinapatsa foniyo mnansi wina amene sanaonerepo kanemayo, ndipo anatchula manambala onse atatu ataonera kamodzi.